Zithunzi za msika watsopano: zimene zikuonetsa ndi zimene sizinganene

Mwezi watha khonsolo inaitana mafumu, a khansala, komiti ya msika ndi anthu a m'wodi kuti adzaone zithunzi za msika umene ikufuna kumanga pamalo pamene pali msika wakale. Pakhoma la holo panapachikidwa zithunzi zinayi zikuluzikulu zojambulidwa pa kompyuta. Zinkaonetsa mashedi atatu ofoleredwa ndi malata obiriwira, mabenchi a simenti ondandalikidwa bwino, mitengo ya mthunzi ndi amayi ovala zitenje akugula ndiwo pansi poyera ngati pa khonde losesedwa kumene. Nsalu yophimba zithunzizo itachotsedwa, anthu anaomba m'manja ndipo amayi ena analuluta nthungululu.

Mayi amene ndi mkulu wokonza mapulani a tawuni ku khonsolo anadikira kuti phokoso lizizire. Kenaka anapereka ulemu kwa mafumu ndi kwa a khansala, nayankhula mawu amene ambiri sankawayembekezera. "Amayi ndi abambo, ndathokoza chifukwa cha m'manjamo, koma ndikupempha kuti muyambe mwasunga. Zimene mukuonazi ndi maganizo amene tawaveka mitundu kuti aoneke ndi maso. Pangano la zimene zidzamangidwe lili m'mapepala ena, ndipo lero ndabwera kudzakuphunzitsani kusiyanitsa ziwirizi."

Popeza ambiri a inu simunathe kufika pamsonkhanowo, ndipo zithunzizo tsopano zikuyenda m'mafoni popanda mawu ozifotokoza, tasonkhanitsa muno mfundo zikuluzikulu za zimene mayiwa anayankhula. Nkhaniyi ikukhudza aliyense amene amapeza chakudya chake pamsika, chifukwa nthawi yosintha pulani ndi ino, maziko asanakumbidwe.

Momwe chithunzi chotere chimapangidwira

Mayiwa anayamba ndi kufotokoza kuti chithunzi cha mtundu umenewu, chimene akatswiri amachitcha renda, sichijambulidwa ndi kamera. Katswiri wojambula nyumba amalowetsa mu kompyuta miyezo ya zipupa, mizati ndi denga, ndipo kompyutayo imaumba chifanizo cha nyumbayo. Pamenepo katswiriyo amasankha yekha malo amene woona aimirire, nthawi ya tsiku, mbali imene dzuwa liwalire ndi mtundu wa penti. Pomaliza amakongoletsa chithunzicho poikamo anthu, mitengo, magalimoto ndi mitambo, zimene amazitenga m'nkhokwe ya zifanizo zopangidwa kale.

Choncho m'chithunzi chimodzi muli zinthu za mitundu iwiri. Zina zachokera pa miyezo yeniyeni, monga kutalika kwa shedi, chiwerengero cha mizati ndi kapendekeredwe ka denga. Zina ndi zokometsera chabe. Pofuna kuti anthu amvetse, mayiwa anapempha mnyamata wina kuti awerenge anthu a m'chithunzi cha mkati mwa shedi. Mnyamatayo anapeza anthu 14. Atafunsa ngati alipo amene anaonapo shedi ya ndiwo ili ndi anthu 14 okha Loweruka m'mawa, holo yonse inaseka. Iwo anati wojambulayo sananame, anaikamo anthu ochepa kuti mabenchi aoneke. Koma zotsatira zake n'zakuti malowo akuoneka otakasuka kuposa mmene adzakhalire.

Chinthu china chimene chimanyenga maso ndi malo oimirira. Chithunzi choyamba chikuonetsa msika wonse kuchokera m'mwamba, monga mmene khwangwala angauonere, ndipo palibe wogula kapena wogulitsa amene adzauone chotero. Zithunzi za mkati zinajambulidwa ndi diso lotambalala, lija limene limachititsa kuti kachipinda kakang'ono kaoneke ngati holo pa foni. Diso lotere limakulitsa zimene zili pafupi ndi kukankhira kutali zimene zili kumbuyo. Mitengo nayonso yajambulidwa ili yaikulu, pamene pa tsiku lotsegulira msika idzakhala mbande zofika m'mawondo, zofunika kuthirira ndi kutchingira mbuzi kwa zaka zingapo zisanayambe kupereka mthunzi.

Ngakhale mthunzi wa denga ndi wa ola limodzi lokha. Kuno kwathu dzuwa limadutsa cha kumpoto m'miyezi ya Juni ndi Julayi, limafika pamutu penipeni chakumapeto kwa chaka, ndipo madzulo aliwonse limalowa mopingasa kuchokera kumadzulo. Chithunzicho chikuonetsa nthawi ya m'mawa. Sichikunena kuti mabenchi a kumapeto kwa shedi, mbali ya kumadzulo, adzaombedwa ndi dzuwa la masana mu Okutobala. Wogulitsa masamba kapena nsomba zaziwisi akudziwa tanthauzo la zimenezi kuposa wojambula.

Pepala limene lili ndi miyezo

Atatero, mayiwa anatambasula patebulo pepala lina losakongola, la mizere yakuda ndi manambala. Iyi ndiyo pulani, ndipo pakona pake palembedwa sikelo ya 1:200. Tanthauzo lake n'lakuti sentimita imodzi papepala ikuimira masentimita 200 pansi, amene ndi mamita 2. Aliyense amene ali ndi lula ya mwana wa sukulu angathe kuyeza yekha. Shedi imodzi papepalapo ndi masentimita 20 m'litali ndi masentimita 6 m'lifupi, kusonyeza kuti ikadzamangidwa idzakhala mamita 40 m'litali ndi mamita 12 m'lifupi. Anachenjeza kuti kuyeza kotere kumagwira ntchito pa pepala lenileni lokha. Pulani ikajambulidwa pa foni kapena ikachepetsedwa pa makina okopera, sikelo imasokonekera, ndipo pamenepo muyenera kudalira manambala olembedwa m'mbali mwa mizere.

Kenaka anagawa mamita 12 a m'lifupi aja pamaso pa onse. Mu shedi muli mizere inayi ya ogulitsa. Mzere uliwonse ukutenga mamita 2, ndiye kuti mita imodzi ya benchi ndi mita imodzi ya poimirira wogulitsa ndi posunga katundu wake. Mizere inayi yatenga mamita 8. Mamita 4 otsalawo agawidwa pawiri kukhala njira ziwiri zodutsamo ogula, iliyonse ya mamita 2. M'litali, pa mamita 40 aja pachotsedwa mamita 4 a njira yopingasa pakati, ndipo patsala mamita 36. Wogulitsa aliyense wapatsidwa mita imodzi ndi theka, choncho mzere umodzi ukulowa anthu 24, ndipo shedi yonse ikulowa anthu 96. Mashedi atatu a m'chithunzi aja ndi malo 288.

Apa ndi pamene nkhope za anthu zinasintha. Mayiwa ananena kuti pamene ogwira ntchito ku khonsolo ankawerenga ziphaso za msika pokonzekera pulaniyi, anapeza kuti tsiku wamba pamakhala ogulitsa pafupifupi 210, koma tsiku la msika amafika pafupifupi 430. Mashedi onse atatu atamangidwa, ogulitsa a tsiku ndi tsiku adzakwana, koma tsiku la msika anthu oposa 140 adzasowa benchi. Chifukwa cha ichi pulani yasiya bwalo lopanda denga chakum'mawa, la ogulitsa kaunjika, ziwiya, nzimbe ndi ena obwera kamodzi pa sabata. M'chithunzi bwalolo laoneka ngati kapinga wobiriwira wopumulirapo, pamene ntchito yake yeniyeni ndi yoyalapo malonda.

Mayi wina wogulitsa tomato anaimirira n'kufunsa kuti: "Amayi, nanga madengu athu tidzaika pati? M'chithunzimo sindikuonamo dengu ngakhale limodzi." Mkuluyo anavomereza kuti funsolo lagunda penipeni. Anafotokoza kuti njira ya mamita 2 ndi yokwanira ikakhala yopanda kanthu. Koma ogulitsa a mbali zonse ziwiri akatulutsa madengu theka la mita aliyense, monga zimachitikira m'misika yathu, pamatsala mita imodzi yokha. Pa mita imodzi wilibala ikhoza kudutsa, njinga ya munthu wolumala ikhozanso kudutsa mopanikizika, koma ziwirizi sizingapatukirane, ndipo pa ngozi ya moto khamu la anthu silingatuluke mofulumira.

Anaonetsanso kuti kukonza vutoli kuli ndi mtengo wake. Njira iliyonse itakulitsidwa ndi theka la mita, shedi ikhala ya mamita 13 m'lifupi, ndipo denga ndi simenti ya pansi ziwonjezekera ndi gawo limodzi mwa magawo 12. Anthu atafuna kuti malo achuluke, benchi ikhoza kuchepetsedwa kuchoka pa mita imodzi ndi theka kufika pa mita imodzi ndi masentimita 20. Pamenepo mzere umodzi ulowa anthu 30 ndipo shedi ilowa 120, koma aliyense ayala malonda ochepa ndipo madengu otuluka m'njira achuluka. Iwo anati chisankho chimenechi si cha katswiri yekha, chifukwa amene adzakhale pa benchipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi ogulitsa.

Kuti nkhaniyi isathere papepala, msonkhano utatha anthu anapita pamalo pomwepo. Anyamata anakhoma zikhomo, anamanga chingwe ndi kuthira phulusa m'mizere, kusonyeza benchi imodzi, poimirira wogulitsa ndi njira ya mamita 2. Amayi awiri anayala madengu awo, bambo wina anadutsa ndi wilibala yodzaza matumba a mbatata, ndipo aliyense anaona ndi maso ake pamene panapanikiza. Mizere ya phulusa ija inanena zambiri kuposa zithunzi zonse zinayi.

Madzi amene sakuoneka m'chithunzi

M'zithunzi zonse kumwamba kuli kowala ndipo pansi pali pouma. Mayiwa anati msika uyenera kuyesedwa ndi mvula ya mu Januwale, ndipo anachita masamu amene aliyense angawatsatire. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la shedi imodzi, la mamita 40 ndi mamita 12, lili ndi timalo totere 480. Mvula ya mamilimita 30, imene si yachilendo m'dzinja, idzatsitsa malita 14,400 kuchokera pa denga limodzi, amene ndi migolo 72 ya malita 200. Pa mashedi atatu ndi migolo 216, ndipo yonseyi ikhoza kutsika mu ola limodzi kapena awiri.

M'chithunzi chachitatu muli thanki yokololera madzi a mvula pambali pa shedi. Pa pulani thankiyo ndi ya malita 5,000. Mvula ya mamilimita 11 yokha ndi yokwanira kuidzaza, ndipo madzi onse otsala adzasefukira pansi. Thankiyo ndi yothandiza potsuka mabenchi ndi kusamba m'manja, koma singalowe m'malo mwa ngalande.

Vuto lina n'lakuti kompyuta inaika msika pa nthaka yosalala ngati mphasa, pamene malo enieniwo ndi otsetsereka. Oyeza malo anapeza kuti kuchokera kumsewu kufika kumapeto kwa msika, mbali ya kudambo, nthaka yatsika ndi mita imodzi ndi theka. Kutsetsereka kumeneku kukutanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, madzi a kumsewu ndi a pamadenga adzathamangira mbali imodzi, kumene kuli nyumba za anthu, pokhapokha patamangidwa ngalande yowalandira ndi kuwatsogolera mpaka potulukira pamene sadzakumba chigwembe. Chachiwiri, mashedi sadzakhala pa msinkhu umodzi, ndipo pakati pawo padzafunika masitepe ndi njira yotsetsereka ya njinga za anthu olumala, mawilibala ndi okalamba. Muyezo umene amisiri amatsata kawirikawiri ndi wakuti pa mita imodzi ya kukwera pakhale mamita 12 a kutalika kwa njira. Choncho kukwera theka la mita kukufuna njira ya mamita 6, ndipo malo amenewa ayenera kuoneka pa pulani.

Anakumbutsa anthu zimene namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anachita m'maboma ambiri, makamaka a m'chigawo cha kum'mwera, kumene madzi anagumula nyumba, milatho ndi misewu. Iwo anati msika sungamangidwe moti n'kupirira tsoka lililonse, koma ngalande yochepa imalephera ngakhale pa mvula wamba. Anapempha okalamba a m'deralo kuti asonyeze injiniya kumene madzi amadutsa ndi pamene amaima mvula ikagwa yambiri, chifukwa mbiri imeneyi mulibe mu kompyuta.

Zimbudzi nazonso zaoneka ngati kanyumba koyera kumapeto kwa chithunzi, ndipo dzala la zinyalala silikuoneka n'komwe. Palibe wojambula amene amakonda kuika ntchentche ndi makoko a nthochi m'chithunzi chake. Koma mafunso amene adzasonyeze ngati msika uli waukhondo ndi awa: zitseko za amayi n'zingati ndipo za abambo n'zingati, madzi adzachokera pa mpope kapena pa mjigo, galimoto yopopa zimbudzi ndi yotenga zinyalala idzalowera pati, ndipo zonsezi zatalikirana bwanji ndi mabenchi a nsomba, nyama ndi zakudya zophika. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unafika m'maboma onse a dziko lino. Mayiwa anati pa pulani yonse, kona ya zimbudzi ndiyo iyenera kuyang'anitsitsidwa kwambiri, ngakhale kuti m'chithunzi ndiyo yaing'ono koposa.

Zimene zili ndi ndalama ndi zimene zikudikira

Gawo lovuta kwambiri la msonkhanowo linali la ndalama. Mayiwa anatenga choko n'kuzunguliza mashedi awiri, chimbudzi ndi ngalande yaikulu, nanena kuti zimenezi ndizo zili m'gawo loyamba la ntchito, limene khonsolo yalikonzera ndalama. Shedi yachitatu, mpanda, maokala a kutsogolo, magetsi a sola ndi njerwa zoyala pabwalo zili m'gawo lachiwiri, limene lidzadikira kuti ndalama zina zipezeke. Chithunzicho chasonkhanitsa magawo onse awiri ngati kuti adzatha tsiku limodzi.

Tanthauzo lake pa chiwerengero chija n'loonekeratu. Mashedi awiri ndi malo 192, pamene ogulitsa a tsiku ndi tsiku ali pafupifupi 210. Ndiye kuti gawo loyamba likadzatha, anthu ena pafupifupi 18 amene amagulitsa tsiku lililonse adzakhala opanda benchi, osawerengera obwera tsiku la msika. Iwo anati n'kwabwino kuti anthu amve zimenezi lero kusiyana ndi kudzazizindikira pa tsiku logawa malo.

Anafotokozanso ndondomeko ya mapepala amene ali pakati pa chithunzi ndi nyumba. Pambuyo pa zokambirana ndi anthu, akatswiri amajambula mapulani atsatanetsatane osonyeza kuya kwa maziko, kukula kwa zitsulo ndi makulidwe a malata. Mapulaniwo amayenera kuvomerezedwa motsata lamulo la kakonzedwe ka malo la mu 2016, ndipo ntchitoyo imaunikidwa momwe ingakhudzire chilengedwe ndi anthu oyandikana nayo motsata lamulo la zachilengedwe la mu 2017. Kuchokera pa mapulaniwo pamalembedwa ndandanda wa ntchito ndi zipangizo, umene umatchula chinthu chilichonse ndi kuchuluka kwake. Makontirakitala amapikisana poika mitengo pa ndandanda umenewu, ndipo wopambana amasayina pangano ndi khonsolo.

Mfundo imene mayiwa anaibwereza kawiri ndi iyi: kontirakitala amamanga zimene zili pa mapulani ndi mu ndandanda, pakuti ndi zimene amalipidwa. Ngati mipope yolandira madzi a padenga ikuoneka m'chithunzi koma mu ndandanda mulibe, sidzaikidwa, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Malata a m'chithunzi ndi obiriwira, koma chithunzi sichinena ngati ali okhuthala kapena opyapyala. Benchi ikuoneka yosalala, koma ndandanda ndiwo umanena ngati pamwamba pake padzakhala simenti wamba kapena matailosi osavuta kutsuka, chinthu chofunika kwambiri kwa ogulitsa nyama ndi nsomba.

Chithunzi chilibenso deti, pamene mtengo uli ndi deti. Anakumbutsa anthu kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya simenti, zitsulo ndi malata inakwera. Ndalama imene ikukwanira mashedi awiri lero ikhoza kuperewera ngati ntchito ichedwa kuyamba. Zikatero, kawirikawiri zimene zimayamba kuchotsedwa ndi zija zosaoneka msanga, monga kutalika kwa ngalande kapena chiwerengero cha zimbudzi. Choncho anapempha anthu kuti agwirizane okha ndondomeko ya zofunika kwambiri, kuti ngati padzafunike kuchepetsa, zidzadziwike zimene siziyenera kukhudzidwa.

Zimene chithunzi sichingaweruze

Bambo wina wachikulire wogulitsa usipa anafunsa kuti benchi yoyamba pafupi ndi chipata idzakhala ya yani. Mayiwa anayankha mwaulemu kuti: "Bambo, funso lanulo chithunzi sichingaliyankhe, ndipo inenso sindingaliyankhe ndekha." Anafotokoza kuti kagawidwe ka malo, msonkho wa pamsika ndi kumene ogulitsa adzasamukire pa nthawi yomanga ndi nkhani zoyenera kukambirana pakati pa khonsolo, komiti ya msika ndi mafumu. Analangiza kuti kaundula wa ogulitsa amene alipo panopa alembedwe ndi kupachikidwa poyera ntchito isanayambe, kuti aliyense aone dzina lake ndi kudandaula ngati lasiyidwa. Kaundula wolembedwa nyumba itatha amadzaza ndi maina a anthu amene sanagulitsepo pamsikapo.

Anatchulanso nkhani ya chipata. M'madera ena muli misika yomangidwa bwino imene mabenchi ake ali opanda anthu, ogulitsa atabwerera m'mphepete mwa msewu. Iwo anati chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti wogulitsa amatsata wogula, ndipo wogula amadutsa pamene minibasi ndi kabaza zimamutsitsa. Pa pulani yathu chipata chachikulu chili pakati pa mpanda wa kumsewu, pamene minibasi zimaima cha kumpoto. M'chithunzi anthu akulowa pachipata chifukwa wojambula anawaika pamenepo. Ngati anthu enieni adzalowere pomwepo kapena ayi, odziwa ndi okabaza, makondakitala ndi ogula a tsiku ndi tsiku.

Pomaliza mayiwa anateteza zithunzizo. Anati sanabwere kudzazinyoza, pakuti zili ndi ntchito yake. Anthu ambiri sangathe kuona nyumba m'mizere ya pulani, koma pa chithunzi aliyense amaona msanga kuti shedi ndi yotseguka m'mbali, kuti denga ndi lalitali mokwanira kutulutsa kutentha, kuti butchala yayandikana ndi chiyani. Mayi wa tomato uja sakanafunsa za madengu chipanda kuona mabenchiwo. Ntchito ya chithunzi ndi kudzutsa mafunso, ndipo mayankho ake afunidwe pa pulani ndi mu ndandanda.

Zimene mungachite tsopano

Zithunzi zinayi zija zapachikidwa pa bolodi la zidziwitso ku ofesi ya msika, ndipo pambali pake paikidwa pulani ya sikelo ya 1:200. Potsatira pempho la anthu pamsonkhanowo, zinthu za gawo lachiwiri zazungulizidwa ndi inki yofiira kuti zisasokonezedwe ndi za gawo loyamba. Zikhomo ndi chingwe zasiyidwa pamalo pomwepo kuti amene sanalipo akayese okha.

Khonsolo ikufuna maganizo anu makamaka pa zinthu zinayi zimene zikhoza kusinthidwa pakali pano popanda kugumula kanthu: kukula kwa benchi ndi kwa njira zodutsamo, malo a chipata, malo a zimbudzi ndi dzala, ndi kumene ngalande ikathire madzi. Maganizowo aperekedwe kudzera ku komiti ya msika, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya m'dera, kapena kwa a khansala anu. Amene sangathe kulemba akanene pakamwa kwa mlembi wa komiti, ndipo aonetsetse kuti zalembedwa. Ndemanga yothandiza ndi imene ikutchula malo ndi chifukwa, monga kunena kuti madzi amaima kuseri kwa butchala mvula ikagwa masiku awiri otsatizana.

Ntchito ikadzayamba, komiti yoyang'anira ntchitoyo, imene idzakhale ndi nthumwi za ogulitsa, iyenera kukhala ndi mapulani ovomerezeka ndi ndandanda wa ntchito, osati chithunzi chokha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha kuona mapepala otere. Nthawi yabwino yoyeza ndi pamene amisiri akhoma zikhomo za maziko, simenti isanathiridwe. Tepi yoyezera ikasonyeza kuti njira ya mamita 2 yasanduka mita imodzi ndi theka, kukonza tsiku limenelo n'kungozula chikhomo ndi kuchikhomanso. Mabenchi akamangidwa, kukonza komweko kumafuna nyundo ndi ndalama zina.

Dziwaninso kuti nyumba ikaperekedwa, pangano limasiya nthawi, kawirikawiri ya miyezi 6 mpaka 12, imene kontirakitala amayenera kukonza zolakwika ndi ndalama zake, ndipo khonsolo imasunga gawo la malipiro ake mpaka nthawiyo itatha. Denga lodontha, ming'alu ya pansi ndi ngalande yosayenda madzi zinenedwe m'nthawi imeneyi, makamaka m'dzinja loyamba.

Pulani yokonzedwanso potsatira maganizo anu idzabweretsedwa ku msonkhano wina isanapite kukavomerezedwa, ndipo tsiku lake lidzalengezedwa kudzera kwa mafumu ndi pa bolodi la ku msika. Mayi wokonza mapulani uja anapempha kuti podzabwera tsikulo, amene ali ndi lula kapena tepi yoyezera adzatenge.